Mawerengero a sitetimenti yojambulidwa akakana kugwirizana: muyang'ane pati?

Mwezi ukamatha, foni yanga imadzaza ndi zithunzi za masitetimenti. Otumiza ake ndi eni maokala, asungichuma a banki m'khonde, nthawi zina mlembi wa komiti ya pa mpingo. Dandaulo lawo ndi limodzi: awonkhetsa katatu, koma ndalama zolowa ndi zotuluka sizikugwirizana ndi zomwe zatsala mu Airtel Money, Mpamba kapena ku banki. Zolakwika zake zimakhala zomwezomwezo, n'chifukwa chake ndaziika pamodzi pano potengera mmene vuto likuonekera.

Pafupifupi onse amayamba ndi kugawa ndalama m'magulu: izi za malonda, izi za lendi, izi za magetsi. Ine ndimati magulu adikire kaye. Sitetimenti ili ndi mboni yake, yomwe ndi kolamu ya balansi. Mzere uliwonse umanena ndalama zomwe zatsala, ndipo ngati manambala omwe mwakopera pa chithunzi sakugwirizana ndi mboni imeneyi, magulu anu onse amangidwa pa mchenga.

## Konzani tebulo motere

Kaya mukugwiritsa ntchito Excel, Google Sheets kapena kope la masamu, tebulo likhale ndi makolamu asanu ndi awiri: A tsiku, B kufotokoza, C zolowa, D zotuluka, E balansi ya pa sitetimenti, F cheki, G gulu. Mzere woyamba ndi wa mitu, wachiwiri ndi wa balansi yoyambira yokha.

Nachi chitsanzo chomwe tiyende nacho mpaka kumapeto. Ndi sitetimenti ya pa foni ya mayi wina wa okala, ya mwezi wa Malichi. Machaji omwe ali m'menemu ndi ongoyerekezera, musawatenge ngati mitengo ya kampani iliyonse.

| Mzere | Tsiku | Kufotokoza | Zolowa | Zotuluka | Balansi |
|---|---|---|---|---|---|
| 2 | 01/03 | Balansi yoyambira | | | 84,500 |
| 3 | 03/03 | Kasitomala | 45,000 | | 129,500 |
| 4 | 04/03 | Kasitomala | 18,700 | | 148,200 |
| 5 | 05/03 | Kuoda katundu | | 96,000 | 52,200 |
| 6 | 05/03 | Chaji | | 500 | 51,700 |
| 7 | 08/03 | Kuchokera ku akaunti yawo ya ku banki | 150,000 | | 201,700 |
| 8 | 10/03 | Mayuniti a magetsi | | 20,000 | 181,700 |
| 9 | 12/03 | Kutumiza pa nambala yolakwika | | 35,000 | 146,700 |
| 10 | 12/03 | Chaji | | 300 | 146,400 |
| 11 | 14/03 | Zabwezedwa | 35,000 | | 181,400 |
| 12 | 17/03 | Kasitomala | 62,300 | | 243,700 |
| 13 | 21/03 | Kutapa kwa ejenti | | 120,000 | 123,700 |
| 14 | 21/03 | Chaji | | 2,400 | 121,300 |
| 15 | 28/03 | Lendi | | 60,000 | 61,300 |
| 16 | 30/03 | Kasitomala | 27,900 | | 89,200 |

Zolowa zonse ndi K338,900, zotuluka ndi K334,200. Mukatenga K84,500 yoyambira, n'kuphatikiza zolowa, n'kuchotsera zotuluka, mupeza K89,200, yomwe ndi balansi yomaliza. Sitetimenti iliyonse yokopera bwino imatero.

Mu kabokosi ka F3 lembani fomula iyi, kenako muikokere mpaka pansi:

```
=ROUND(E2+C3-D3-E3,2)
```

Ikungofunsa kuti: balansi ya mzere wapamwamba, kuphatikiza cholowa, kuchotsera chotuluka, ikufanana ndi balansi ya mzere uno? Paliponse pomwe pakopedwa bwino pamatuluka 0. Amene ali ndi kope achite chimodzimodzi ndi kakyuleta, mzere umodzi umodzi, n'kumachonga. Masitetimenti ena amayamba ndi tsiku laposachedwa n'kumabwerera m'mbuyo. Yoteroyo itembenuzeni kaye kuti tsiku lakale likhale pamwamba, apo ayi cheki idzakana mzere uliwonse.

## Chizindikiro choyamba: balansi yanu yomaliza ikusiyana ndi ya pa sitetimenti

Vuto ili ndi lomwe limabwera kawirikawiri, ndiye ndikhalapo nthawi. Musathamangire kuwonkhetsanso kachinayi. Lembani kaye kusiyanako, chifukwa nambala imeneyo nthawi zambiri imaulula wolakwa.

1. Machaji asiyidwa. Diso limakopeka ndi manambala akuluakulu, timizere ta K500 ndi K300 n'kumatidumpha. Masitetimenti ena chaji amaiika mu kolamu yakeyake kumapeto, komwe chithunzi chimadukira, ndipo ena amangoinena mkati mwa mawu ofotokozera.

- Mudziwa bwanji: balansi yanu ndi yokwera pang'ono kuposa yeniyeni. M'chitsanzo chathu ikhala K92,400, kusiyana kwa K3,200, omwe ndi machaji atatu aja pamodzi.
- Mu kolamu F: mzere wotsatira pomwe panayenera kukhala chaji uonetsa ndalama yeniyeni yomwe yasowa. Mukasiya mzere 6, pa mzere wa K150,000 patuluka 500.
- Chochita: chaji iliyonse ikhale ndi mzere wake, ngakhale sitetimenti itaiphatikiza ndi ndalama ina.

2. Nambala yawerengedwa molakwika. Pa chithunzi chosaoneka bwino 3 amafanana ndi 8, 1 ndi 7, 5 ndi 6. Ngati mwagwiritsa ntchito chida chosandutsa chithunzi kukhala malemba, monga Google Lens kapena `Data from Picture` ya mu Excel, onjezeraniponso zilembo zomwe zimalowa m'malo mwa manambala chithunzi chikakhala chofooka: O m'malo mwa 0, S m'malo mwa 5, B m'malo mwa 8.

Pano kolamu F imathandiza kusiyanitsa zinthu ziwiri. Cholakwika chikakhala pa ndalama yolowa kapena yotuluka, mzere umodzi wokha ndiwo umakana. Chikakhala pa balansi, imakana mizere iwiri yotsatizana, ndi nambala imodzimodzi, wina wokwera wina wotsika. Mwachitsanzo, 181,700 ya pa mzere 8 ikakopedwa ngati 131,700, F8 ionetsa 50,000 ndipo F9 ionetsa -50,000. Zikatero ndalama zanu zili bwinobwino, konzani balansi yokhayo.

3. Manambala asinthana malo. Ili ndi vuto la zala, osati la chithunzi. Munthu amaona 18,700 n'kulemba 17,800. Akalaliki akale anali ndi njira yake yogwirira izi, ndipo ikugwirabe ntchito: gawani kusiyanako ndi 9. Manambala awiri akasinthana malo, kusiyana kumagawika ndi 9 popanda chotsala. Apa kusiyana ndi 900, ndipo 900 kugawa ndi 9 ndi 100. Ziro akasowa zimachitikanso chimodzimodzi: 45,000 kulembedwa 4,500 kumabweretsa kusiyana kwa 40,500, komwe mukagawa ndi 9 mupeza 4,500, nambala yolakwika yomwe ija. Njira imeneyi siumboni wokwanira, chifukwa kusiyana kwina kumagawika ndi 9 mwangozi. Imangokuuzani koyambira.

4. Ndalama yaikidwa mbali yolakwika. Gawani kusiyanako ndi 2, n'kufufuza nambala yomwe mwapezayo pa sitetimenti. K27,900 ya kasitomala ikalembedwa ku zotuluka, balansi yanu itsikira pa K33,400, kusiyana kwa K55,800, komwe theka lake ndi 27,900. Zimachitika kwambiri chithunzi chikajambulidwa mopendekeka, makolamu awiri n'kuoneka ngati alowerana, kapena kachizindikiro kochotsera kakakhala kosaoneka. Pa sitetimenti ya ku banki, `Credit` kapena `Cr` ndi ndalama zolowa mu akaunti yanu, `Debit` kapena `Dr` ndi zotuluka. Omwe anaphunzira za akaunti kusukulu ndiwo amasokonezeka kwambiri apa, chifukwa m'buku lawo la ndalama zinthu zimakhala mosemphana. Banki imalemba poyang'anira kumbali yake. Mukakayika, onani ngati balansi yakwera kapena yatsika pa mzere umenewo.

5. Tsamba lasowa, kapena mizere yabwerezedwa. Pa pepala, onani `Page 2 of 5` ndi zotero, muwerenge ngati masamba onse alipo. Balansi yomaliza ya tsamba lililonse iyenera kukhala yoyambira ya tsamba lotsatira. Pa masikirinishoti vuto limakhala la mtundu wina: munthu akamatsitsa n'kumajambula, mizere iwiri kapena itatu ya pansi imaonekanso pamwamba pa chithunzi chotsatira. Musadalire ndalama ndi tsiku pozindikira zobwerezedwa, poti kasitomala mmodzi akhoza kutumiza K5,000 kawiri tsiku limodzi. Onani nambala ya risiti ya mzere uliwonse, yomwe imalembedwa pansi pa `Transaction ID` kapena `Reference`, komanso balansi yake.

Mayi wa okala uja, tsiku lomwe anandipeza, kusiyana kwawo kunali K2,300. Sikunkagawika ndi 9, ndipo theka lake, 1,150, panalibe pa sitetimenti. Anali atatha madzulo onse akufufuza mzere wa K2,300 womwe kunalibe. Titaika kolamu F zinaoneka m'mphindi zochepa: anasiya machaji onse atatu, zomwe zinakweza balansi ndi K3,200, ndiye analembanso 17,800 m'malo mwa 18,700, zomwe zinaitsitsa ndi K900. Zolakwika ziwiri zinadyana n'kubereka nambala yachilendo. Njira za 9 ndi 2 zimagwira cholakwika chikakhala chimodzi. Zikachuluka, palibe chidule, yendani mzere ndi mzere.

## Chizindikiro chachiwiri: cheki ikuonetsa 0 paliponse, koma SUM ikupereka nambala yochepa

Ichi chimazunguza mutu chifukwa chilichonse chimaoneka cholondola. Mukawonkhetsa ndi kakyuleta mukupeza K338,900, koma `=SUM(C3:C16)` ikunena K276,600, kapenanso 0.

1. Nambala yasungidwa ngati mawu. Zinthu zokopedwa kuchokera pa chithunzi nthawi zambiri zimalowa mu tebulo ngati malemba. `SUM` imadumpha malemba mwakachetechete, osadandaula. Chosokoneza n'choti fomula ya cheki ija, poti imagwiritsa ntchito `+` ndi `-`, imatha kusandutsa yokha malemba ooneka ngati nambala n'kuwawerengera. Ndiye cheki ikuti zonse zili bwino, `SUM` ikuti ayi. M'chitsanzo ichi kusiyana ndi 62,300, kutanthauza kuti wolakwa ndi mzere 12.

- Onani mbali yomwe nambala yatsamira. Nambala yeniyeni imakhala kudzanja lamanja la kabokosi, malemba amakhala kumanzere, pokhapokha wina atasintha kayalidwe.
- Yerekezani `=COUNT(C3:C16)` ndi `=COUNTA(C3:C16)`. Yoyamba imawerenga manambala okha, yachiwiri chilichonse chomwe chalembedwa. Ikati 5 inayo 6, kabokosi kamodzi n'kodwala.
- `=ISNUMBER(C12)` ikayankha `FALSE`, mwamupeza.

Ngati ndi timabokosi tiwiri titatu, fufutani n'kulembanso ndi manja. Ngati n'tambiri, tsegulani kolamu ina muyeretsere mmenemo:

```
=IF(C12="",0,VALUE(SUBSTITUTE(SUBSTITUTE(TRIM(C12),",",""),CHAR(160),"")))
```

Imachotsa makoma olekanitsa masauzande, mipata wamba ya m'mbali, ndi mpata wina wobisika womwe `TRIM` payokha siuchotsa.

2. Mwatsala `K`, `MK`, `MWK`, `Cr` kapena `Dr` mkati mwa kabokosi. Chotsani ndi `Find and Replace`, koma musanafufute `Cr` ndi `Dr` onetsetsani kuti ndalama iliyonse yapita kale ku kolamu yake.

3. Chizindikiro cha koma ndi kadontho zasokonekera. Kwathu kuno timalemba 45,000.00, koma kulekanitsa masauzande ndipo kadontho kulekanitsa matambala. Kompyuta yokonzedwa mwa ku South Africa kapena mwa Chipwitikizi cha ku Mozambique imatenga koma ngati cholekanitsa matambala. Pa kompyuta yotere 45,000 akhoza kusanduka 45 basi, kapena kukanidwa n'kukhala mawu. Ndi makompyuta omwewo omwe amafuna `;` m'malo mwa `,` mkati mwa fomula. Mu Google Sheets izi zimasinthidwa pa `File`, `Settings`, `Locale`. Njira yachidule ndi kulemba manambala opanda koma n'komwe: 45000.

4. Fomula yalekezera panjira. Munawonjezera mizere pansi, koma `SUM` ikadali pa C16. Dinani pa fomulayo muone pomwe yathera.

## Chizindikiro chachitatu: zolowa kapena zotuluka zakula mosadziwika bwino

Yambani ndi mizere yomwe si ndalama zoyenda ayi: `Balance B/F`, `Balance C/F`, `Opening Balance`, `Total Debits`, `Total Credits`. Chida chowerenga chithunzi chimaikopera limodzi ndi ina yonse, ndipo nthawi zina chimaiponya mu kolamu ya zolowa. Chiwerengero chanu chikakhala ndendende kawiri ka chomwe mumayembekezera, ndiye kuti mzere wa `Total` walowa mu `SUM`. Mizere imeneyi ichotseni mu tebulo, koma ilembeni pambali, chifukwa ndi yothandiza poyerekeza ndi zomwe mwapeza.

Chachiwiri ndi matambala omwe ataya kadontho: 500.00 kusanduka 50000. Chachitatu, nambala ya foni kapena ya risiti yomwe yagwera mu kolamu ya ndalama. Zonse ziwirizi zimagwidwa msanga mukafunsa `=MAX(C3:C16)` ndi `=MAX(D3:D16)`. Nambala yaikulu kwambiri ikakhala yoti simunaigwirepo m'manja mwezi umenewo, pitani pa mzere wake.

## Chizindikiro chachinayi: balansi yagwirizana, koma magulu akunama

Apa masamu alibe mlandu. Mayi aja atamaliza kukonza anasangalala kuti mwezi umenewo "analowetsa" K338,900. Zoona zake n'zoti makasitomala anawapatsa K153,900 yokha. Zinazo zinali ndalama zawo zomwe, zongozungulira. Cholakwika cha mtundu uwu n'choopsa kuposa zonse zam'mbuyomu, chifukwa palibe fomula yomwe ingakuchenjezeni.

1. Kusamutsa ndalama zanu kwawerengedwa ngati malonda. K150,000 ya pa mzere 7 inachokera ku akaunti yawo ya ku banki. Chimodzimodzinso mukapita kwa ejenti kukaika ndalama za m'thumba mwanu pa foni. Pangani gulu lakelake la `Kusamutsa`. Ngati mukuwerengera masitetimenti awiri, ya foni ndi ya banki, ndalama imeneyi iyenera kuoneka kawiri, yotuluka uku n'kulowa uko, ndipo gulu la `Kusamutsa` mukaliphatikiza mbali zonse lizithera pa 0. Likapanda kutero, mwina chaji yalowa m'gululi, kapena ndalamayo inafika tsiku lina lomwe lagwera m'mwezi wotsatira.

Kuika ndalama kwa ejenti kumafuna kusamala. Ngati zomwe mwaikazo ndi za malonda a pa kauntala ndipo munazilemba kale m'kope la tsiku ndi tsiku, kuziwerengeranso pa sitetimenti ndi kuziwerenga kawiri.

2. Zobwezedwa. Pa 12 Malichi K35,000 inapita pa nambala yolakwika, pa 14 inabwerera. Siinagule kanthu ndipo si malonda. Mizere yonse iwiri ipite ku gulu limodzi la `Zobwezedwa` kuti ifafanizane. Musaifufute mu tebulo, chifukwa cheki ya balansi idzasokonekera. K300 ya chaji, poti m'chitsanzo chathu siinabwezedwe, ikhalabe ku machaji. Pa sitetimenti fufuzani mawu ngati `Reversal` kapena `Refund`.

3. Ndalama zotapa. Sitetimenti imangodziwa kuti K120,000 inatuluka kwa ejenti. Sidziwa kuti inakagwira ntchito yanji. Anthu amakonda kuiponya yonse ku katundu chifukwa "nthawi zambiri ndimatapa pokaoda". Ine ndimaisiya pa gulu la `Kutapa` mpaka kope kapena malisiti atanena. Mayi aja kope lawo linaonetsa K90,000 ya katundu ndi K30,000 ya pakhomo. Ngati palibe cholembedwa chilichonse, isiyeni pa `Kutapa` pomwepo. Kuli bwino gulu lonena kuti sitikudziwa kusiyana ndi nambala yopeka.

4. Ngongole. Ndalama yobwereka ikalowa si phindu, ndipo kubweza ngongole si kugula katundu. Kwa asungichuma a banki m'khonde nkhaniyi ndi yaikulu: membala akatumiza K33,000 pa foni, mwina K30,000 ndi yobweza ngongole ndipo K3,000 ndi chiwongoladzanja, kapena muli masheya ndi za thumba la zadzidzidzi. Gawani mzerewo pawiri motengera buku la gulu, ndipo balansi ya pa sitetimenti muiike pa mzere wachiwiri. Pa mzere woyambawo balansi muiwerengere nokha kuti cheki isakane.

5. Zapakhomo zasakanikirana ndi za bizinesi. Foni ndi imodzi, ndiye fizi ya mwana, chopereka cha maliro ndi ndalama ya mlamu zonse zimadutsa momwemo. Gulu la `Zapakhomo` likhalepo mbali zonse ziwiri.

Zonse zikaikidwa m'malo mwake, fomula ya gulu lililonse ndi iyi, ya zolowa ndi ya zotuluka:

```
=SUMIF(G3:G16,"Malonda",C3:C16)
=SUMIF(G3:G16,"Machaji",D3:D16)
```

Za mayi aja, tisanagawe K120,000 yotapa ija, zinatuluka chonchi. Zolowa: malonda K153,900, kusamutsa K150,000, zobwezedwa K35,000. Zotuluka: katundu K96,000, lendi K60,000, magetsi K20,000, machaji K3,200, kutapa K120,000, zobwezedwa K35,000.

## Chizindikiro chachisanu: magulu mukawaphatikiza sakufika pa chiwerengero chonse

Magulu onse a zolowa pamodzi ayenera kukwana K338,900, a zotuluka K334,200. Akaperewera:

- Dzina la gulu lalembedwa mosiyanasiyana. `Machaji`, `Chaji` ndi `Machaj` kwa `SUMIF` ndi magulu atatu. Zilembo zazikulu ndi zazing'ono siziisokoneza, koma mpata wotsalira kumapeto kwa liwu umaisokoneza, ndipo suoneka ndi maso. Mankhwala ake ndi kusankha gulu pa mndandanda m'malo molemba: `Data`, kenako `Data Validation`.
- Mzere wina ulibe gulu. `=COUNTBLANK(G3:G16)` iyenera kupereka 0.
- Gulu lilipo mu tebulo koma mulibe m'chidule chanu. Kawirikawiri ndi gulu lomwe mwaliyambitsa mwezi womwewo.
- Gulu la mbali ziwiri lawerengedwa mbali imodzi. `Zobwezedwa` ndi `Kusamutsa` zimafuna fomula ya C komanso ya D.
- Mizere ya mu fomula yasemphana. `G3:G16` ndi `C4:C17` ziwonkhetsa ndalama za mzere wotsatira, popanda chenjezo lililonse. Mukamakokera fomula pansi, mangani mizereyo ndi `$`, motere: `$G$3:$G$16`.

Gulu la `Zina` likayamba kuposa magulu enieni, ndiye kuti mwatopa, osati mwamaliza. Bwereraniko mawa.

## Chizindikiro chachisanu ndi chimodzi: ndalama zagwera m'mwezi wolakwika

Ife timayamba ndi tsiku kenako mwezi. Kompyuta yokonzedwa mwa Chimereka imayamba ndi mwezi, ndiye 12/03 imamva kuti ndi 3 Disembala, pomwe 17/03 imaisiya ngati mawu poti kulibe mwezi wa 17. Mukaona masiku ena atatsamira kumanja, ena kumanzere, vuto ndi limeneli. Konzani `Locale` n'kulowetsanso masikuwo. Pa sitetimenti ya ku banki pamakhalanso masiku awiri, `Transaction Date` ndi `Value Date`, omwe amatha kusiyana kumapeto kwa mwezi. Sankhani limodzi, mukhale nalo chaka chonse.

## Ngati vuto ndi chithunzi chenichenicho

Mizere yokana ikapitirira isanu pa tsamba limodzi, lekani kukonza, jambulaninso. Zimatenga nthawi yochepa kusiyana ndi kulimbana ndi manambala osaoneka.

- Yalani pepala pa tebulo, pafupi ndi zenera masana, foni ili pamwamba pake mowongoka. Fulashi imawalitsa pepala n'kubisa manambala.
- Tsamba lodzaza lijambuleni pawiri, kumtunda ndi kumunsi, mitu ya makolamu ndi kolamu ya balansi zikuoneka.
- Pomwe pepala linapindidwa ndi pomwe mzere umabisala. Liwongoleni kaye.
- Chithunzi chotumizidwa pa WhatsApp mwa nthawi zonse chimachepetsedwa, timanambala n'kufufutika. Uzani wotumizayo asankhe `Document`.
- Timapepala ta pa makina a ATM timafufutika tikakhalitsa kapena tikakhala padzuwa, ndipo timangoonetsa mizere yochepa yomalizira. Sitingakupatseni mwezi wathunthu.

Koposa zonse, pemphani sitetimenti ya PDF kapena ya Excel ku banki kapena ku kampani ya foni, ngati mwini akaunti angathe kutero. Theka la mavuto omwe ndatchulawa limathera pomwepo. Mukamatumiza chithunzi kwa wina kuti akuthandizeni, phimbani nambala ya akaunti ndi manambala a foni a makasitomala. Wothandiza kuwonkhetsa safunika nambala yanu yachinsinsi, ndipo aliyense woipempha musamupatse.

## Pomwe muyenera kuima n'kuitana ena

Mzere womwe simukuudziwa. Ndalama yatuluka, mwafunsa a pakhomo ndi wogulitsa mu okala, palibe akuidziwa. Iyi sinkhani ya magulu. Lembani tsiku, ndalama ndi nambala ya risiti, sinthani nambala yachinsinsi, ndipo pitani ku ofesi ya kampani ya foni kapena ku banki tsiku lomwelo. Dandaulo likapanda kuyankhidwa kumeneko, Reserve Bank of Malawi ndi yomwe imayang'anira mabanki ndi makampani otumiza ndalama pa foni.

Mwakopera bwinobwino, koma balansi ya pa chithunzicho payokha sikuyenda. Mwaonetsetsa kawiri, nambala iliyonse ikufanana ndi ya pa chithunzi, palibe tsamba losowa, palibe chaji yobisika, koma mzere wina ukukanabe. Makina a banki sasemphanitsa masamu oterewa mwachisawawa. Ngati chithunzicho munachita kupatsidwa ndi munthu wina, n'kutheka kuti chinasinthidwa. Onani ngati pa mzerewo manambala akusiyana kukula kapena kuda ndi anzake. Musamunene munthu kuti ndi wakuba potengera chithunzi chokha. Pemphani kuti mwini akaunti akatenge sitetimenti yodindidwa ku banki, kapena atsegule pa foni yake pamaso pa komiti.

Ndalama za gulu zomwe zayamba kukanganitsa anthu. Msungichuma asadziwerengere yekha. Pakhale anthu awiri kapena atatu osankhidwa ndi gulu, mmodzi akuwerenga sitetimenti mokweza, wina akuchonga m'buku. Ndalama zikakhala zambiri, kapena nkhani ikamalowera ku polisi kapena ku khoti, pezani akauntanti wovomerezeka ndi bungwe la ICAM, ndipo musalembe kapena kufufuta chilichonse pa mapepala oyambirira.

Manambala opita ku MRA kapena kokapempha ngongole. Tebulo lochokera pa chithunzi ndi lothandiza inuyo kudziwa mmene bizinesi ikuyendera. Zoti ndalama iti ikhomeredwe msonkho, iti ichotseredwe, muwasiyire odziwa za misonkho, ndipo muwapatse sitetimenti yeniyeni pamodzi ndi malisiti, osati tebulo lanu lokha.

Akaunti ya ndalama zakunja, kapena yomwe yalowa mu ngongole. Balansi ikayamba kuoneka ndi `Dr` kapena `OD` kumapeto, ndiye kuti ili pansi pa ziro ndipo mu kolamu E iyenera kulembedwa ndi chizindikiro chochotsera. Izi mukhoza kukonza nokha. Koma pakakhala madola kapena marandi osinthidwa pa mitengo yosiyanasiyana, kapena chiwongoladzanja cha ngongole chomwe simukumvetsa kawerengedwe kake, tengani sitetimentiyo mupite nayo ku nthambi ya banki yanu akakufotokozereni mzere ndi mzere.